Kupeta uthenga wamawu wa atcheya a mjigo tisanaumasulire m'Chingerezi

Mlembi wa komiti ya mjigo:
Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munazolowera ntchito yomasulira. Atcheya a komiti yathu anditumizira uthenga wamawu pa WhatsApp kuti ndiulembe m'Chingerezi n'kuutumiza ku bungwe limene linatikumbira mjigo. Ndaumvetsera kangapo ndipo ndalemba chilichonse chimene chinatuluka pakamwa pawo, osasiyako ngakhale pamene ankajejema. Nawu:

"Eee, ndiye, a Mlembi, mwadzuka bwanji? Ine ndadzuka, kaya inu. Ndiye kuti, nkhani yake ndi ya, ya mjigo uja, mjigo uja wa pasukulu. Unawonongeka Lachiwiri, ayi, ayi, Lolemba, Lolemba madzulo, chifukwa Lachiwiri ndi pamene anabwera ujeni, amakaniko aja. Ndiye iwo aja atatsegula akuti, eee, akuti mapaipi awiri ang'ambika, awiri kaya atatu, komanso ujeni uja watha, uja wa pansi uja. Ife tasonkha, tasonkha, tasonkha, koma sizikukwana. Tili ndi fifite, fifitini sauzande basi. Amayi akupita kudambo m'mamawa, kudikira, kudikira, kubwerako dzuwa lili pamutu. Ndiye muwauze anthu aja kuti, kuti atithandize msangamsanga. Abwera Lachisanu. Eee. Basi, zikomo, zikomo."

Nditayesa kumasulira mmene zililimu, Chingerezi chake chinamveka ngati cha munthu wosadziwa chimene akufuna, pamene atcheya athu ndi munthu wolongosoka. Kodi ndichotse ziti ndipo ndisiye ziti ndisanayambe kumasulira?

Mphunzitsi wa Chichewa:
Amayi a Mlembi, mwachita bwino poyamba mwalemba zonse. Ine ana anga kusukulu ndimawauza kuti polemba achotse eee, aaa, ndiye, basi, kaya ndi ujeni, popeza awa ndi mawu ongodzazira mpata pamene munthu akuganiza. Mawu amene anenedwa kawiri kapena katatu atsale kamodzi, ndipo pamene wolankhula wadzikonza yekha titenge zimene wanena pomaliza. Potsatira zimenezi uthenga wanu ungakhale wotere: "Mjigo wa pasukulu unawonongeka Lolemba madzulo. Mapaipi atatu ang'ambika. Tasonkha K15,000 koma sizikukwana. Amayi akukatunga madzi kudambo. Chonde tithandizeni msanga. Amakaniko abwera Lachisanu." Ziganizo zazifupi zoterezi sizivuta kuziika m'Chingerezi.

Womasulira wopuma pa ntchito:
Aphunzitsi, pa nkhani ya Lolemba ndikugwirizana nanu kwathunthu. Atcheya anati Lachiwiri, anakana okha kawiri, anatchula Lolemba, ndipo anaperekanso chifukwa chimene anasokonezera masikuwo. Kumeneko ndiko kudzikonza kwenikweni, ndipo chizindikiro chake ndi "ayi" uja amene waima pakati pa mawu olakwika ndi olondola. Lachiwiri loyambalo litayidwe ndithu. Koma Lachiwiri lachiwirilo, lonena za tsiku limene amakaniko anabwera, lisatayidwe nalo limodzi, chifukwa limauza a bungwe kuti mjigowo unaonedwa kale ndi munthu wodziwa.

Pamene ndikusiyana nanu ndi pa mapaipi. Mwatenga "atatu" chifukwa ndi mawu omaliza, koma pakati pa "awiri" ndi "atatu" palibe "ayi". Pali "kaya". Munthu akati "awiri kaya atatu" sakudzikonza, akuulula kuti sakudziwa bwinobwino, ndipo kusadziwa kwakeko ndi gawo la uthenga. Tikalemba kuti atatu, tamuikira pakamwa chitsimikizo chimene analibe. Tsiku limene a bungwe adzabwere ndi mapaipi atatu n'kupeza kuti ong'ambika ndi awiri, amene adzaoneke kuti anakokomeza pofuna kudyapo ndi atcheya, osati amene anamasulira. Choncho palembedwe kuti "mapaipi awiri kapena atatu".

N'chimodzimodzinso ndi "akuti". Atcheya anawanena kawiri chifukwa anajejema, ndiye kumodzi kuchoke, koma kwinako kutsale. Mawu amenewa akusonyeza kuti amene anaona mapaipi ong'ambika ndi amakaniko, atcheya anangomva. M'chiganizo chanu chija "akuti" wasowa, ndipo tsopano zikumveka ngati komiti inadzionera yokha.

Ndimalize ndi "basi". M'uthengawu muli basi awiri, ndipo ntchito zawo n'zosiyana. Wa kumapeto, pa "Basi, zikomo", ndi wongotsekera nkhani, ndipo akhoza kupita. Koma wa pa "fifitini sauzande basi" akutanthauza kuti ndalama ndi zokhazo, palibenso zina, ndipo pempho lonse latsamira pamenepo. Mwa ichi sindikhulupirira mndandanda wa mawu oyenera kuchotsedwa nthawi zonse. Liwu lililonse ndimalifunsa funso limodzi pamalo pamene lili: nditalichotsa, kodi wowerenga adzakhulupirira chinthu chosiyana ndi chimene wolankhula ananena?

Wokonza mafoni:
Amayi, ngati vuto ndi phokoso, pali mapulogalamu a pafoni amene amadula zigawo za mawu ojambulidwa, moti mukhoza kuchotsa malo onse amene atcheya anangoti eee n'kutumiza uthengawo uli woyera. Mukafuna ndingakufotokozereni mmene mungachitire.

Mlembi wa komiti ya mjigo:
Zikomo achimwene, koma mawu ojambulidwawo sindikuwatumiza kulikonse, popeza amene akalandire uthengawu samva Chichewa. Chimene ndikukonza ndi zimene ndalemba papepala. Komabe pali pamodzi pamene mungandithandize. Pa ndalama paja sindikumva bwino ngati atcheya anati "fifite" n'kudzikonza kuti "fifitini", kapena anangodukiza liwu lomwelo n'kuliyambanso. Kodi pali njira yochepetsera liwiro la mawu?

Wokonza mafoni:
Pepani, ndinamva molakwa. Pa WhatsApp penipeni kabatani kaja kamangosintha pakati pa 1x, 1.5x ndi 2x, kutanthauza kuti kamafulumizitsa koma sikachedwetsa. Onetsetsani kuti kali pa 1x, valani zomvetsera za m'makutu, ndipo kokerani kadontho kaja m'mbuyo pang'ono kuti mubwereze malo omwewo. Anthu ambiri amasiya pa 1.5x osadziwa, ndipo pa liwiro limenelo "ni" wa kumapeto kwa fifitini amamezeka.

Womasulira wopuma pa ntchito:
Malangizo amenewo ndi abwino, koma ngakhale mutamva bwino chotani, a Mlembi, pa nambala imeneyi musadalire khutu lokha. Ife timatchula ndalama m'Chingerezi ngakhale tikulankhula Chichewa, ndipo fifitini ndi fifite, sikisitini ndi sikisite, ndi anzawo ena otere amasokoneza ngakhale anthu akulankhulana maso ndi maso. Apa kusiyana kwake ndi K15,000 ndi K50,000. Inu ndinu mlembi, ndiye yang'anani m'kaundula wa zosonkha kapena funsani asungichuma. Nambala, tsiku ndi dzina ndi zinthu zimene sindizikonza mongoganizira, ngakhale zitaoneka zodziwikiratu.

Mayi wokhala ku Johannesburg:
Ndiloleni ndifotokoze zimene zinandichitikira, chifukwa zikukhudza "eee" amene Aphunzitsi akuti azichotsedwa. Amuna anga samva Chichewa, choncho mauthenga a amayi anga ochokera kumudzi ndimawalembera ndine. Tsiku lina anatumiza ndalama kwa apongozi awowo, ndipo ine ndinafunsa amayi ngati zafika. Iwo anayankha kuti, "Eee. Ndiye kuno mvula yavuta, chimanga chafota," n'kupitiriza za kumunda mpaka kumaliza. Ine polemba ndinataya eee uja poganiza kuti ndi poyambira chabe, ndipo amuna anga atawerenga anakhumudwa, poona ngati amayi azemba funso la ndalama n'kuyamba kudandaula kuti apatsidwe zina. Chonsecho yankho lonse linali mu eee yemweyo. Zinanditengera masiku kuti ndikonze maganizo amene ndinawononga ndi dzanja langa.

Kuyambira pamenepo ndimamvetsera kawiri. Eee wovomera amakhala wolimba, amatha yekha, ndipo pambuyo pake pamakhala kampata. Eee wojejema amakokeka mopanda mphamvu n'kukalowa m'mawu otsatira. M'uthenga wa atcheyawa ndikukayikira eee wa kumapeto uja, amene wabwera pambuyo pa "Abwera Lachisanu". Sakuoneka ngati wojejema, chifukwa palibe chimene ankafunafuna pamenepo.

Womasulira wopuma pa ntchito:
Amayi, mwakhudza malo amene akundidetsa nkhawa kuposa ena onse. "Abwera Lachisanu" ndi mawu awiri okha, koma sakutiuza amene abwereyo. Aphunzitsi analemba kuti ndi amakaniko, ndipo n'kutheka, koma anthu amene atchulidwa chakumapeto ndi "anthu aja" a bungwe. Chinanso, m'Chichewa tikhoza kufunsa popanda "kodi", funso n'kumveka ndi kakwezedwe ka mawu kokha. Papepala kakwezedweko sikaoneka, popeza kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu, monga mmene mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwera mofanana. Ndiye mawu awiriwa akhoza kutanthauza kuti amakaniko abweranso Lachisanu, kapena kuti atcheya anamva zoti a bungwe abwera Lachisanu, kapenanso akufunsa ngati a bungwewo angabwere tsiku limenelo. Amene analemba kadontho pamapeto pake ndi a Mlembi, osati atcheya. Ndikupempha kuti mubwerere ku mawu ojambulidwa pamalo amenewo, ndipo ngati mpaka pamenepo simukutsimikiza, muwaimbire.

Wophunzira wa ku yunivesite:
Ine zonsezi zikundisonyeza kuti kuchotsa kalikonse n'kulakwa. Pamene tinkachita kafukufuku m'midzi tinaphunzitsidwa kulemba mawu a munthu monga anawanenera, ngakhale kutsokomola ndi kuseka, chifukwa kujejema kumaulula zimene munthu akuopa kapena kubisa. Bwanji a Mlembi angomasulira zonse mmene zilili, a bungwe akadzisankhire okha zofunika?

Womasulira wopuma pa ntchito:
Mwana wanga, zimene munaphunzitsidwazo n'zoona pa ntchito imene munkagwira. Inenso m'khoti, kumene mboni imalankhula Chichewa koma zolembedwa zimakhala m'Chingerezi, sindinkaloledwa kusalaza mawu a munthu. Mboni ikati "Lachiwiri, ayi, Lolemba", ndinkanena zonse ziwiri, chifukwa woweruza amafuna kuona ngati mboniyo ikugwedezeka. Koma taonani za ku Nyumba ya Malamulo. Zimene aphungu alankhula zimalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, ndipo mwambo wa mabuku otere ndi wakuti kujejema ndi kubwereza kopanda ntchito kumachotsedwa, malinga tanthauzo lisawonjezedwe kapena kuchepetsedwa. Uthenga wa atcheya uli kumbali imeneyi. Iwo sakuyesedwa ngati akunena zoona, akupempha mapaipi.

Palinso chifukwa china. Tonsefe timajejema polankhula ndipo womvera sazindikira n'komwe, koma kujejema komweko kukalembedwa kumaoneka ngati umbuli, makamaka kukalowa m'chilankhulo china. Kumasulira "ya, ya mjigo uja, mjigo uja" liwu ndi liwu n'kuwachotsera ulemu atcheya pamaso pa anthu amene sanawaonepo. Chimene ndingatenge pa mfundo yanu ndi ichi: pepala loyamba lija lisafufutidwe. A Mlembi alembe lachiwiri lopetedwa, likadali m'Chichewa, ndipo amasulire kuchokera pa lachiwirilo. Wina akadzafunsa kuti mawu akutiakuti anachokera kuti, loyamba lija lidzayankha.

Wophunzira wa ku yunivesite:
Ndamva, bambo, koma n'chifukwa chiyani pakufunika pepala lachiwiri la Chichewa? Munthu sangapete ndi kumasulira nthawi imodzi?

Womasulira wopuma pa ntchito:
Angathe, koma akalakwitsa sadziwa pamene walakwitsira. Pamene mukufunafuna liwu la Chingerezi, maganizo anu ali pa Chingerezicho, ndipo tinthu ngati "akuti" ndi "kaya" timagwa osamveka. Ubwino wina ndi wakuti pepala lopetedwa la Chichewa mukhoza kuwawerengera atcheya pafoni n'kuwafunsa ngati ndi zimene amatanthauza, pamene la Chingerezi sangalitsutse.

Mphunzitsi wa Chichewa:
Pa "kaya", "akuti" ndi "basi" ndavomera kuti ndinathamanga. Koma pa kubwereza ndikufuna tisiyanitse zinthu ziwiri. Mawu monga msangamsanga, pang'onopang'ono ndi kawirikawiri si kubwereza kwa munthu wojejema. Ndi liwu limodzi, ndipo timalilemba mophatikiza. Kawiri ndi kawirikawiri ndi zinthu zosiyana kotheratu, choncho amene angadule theka lake wasintha nkhani. Ine ndinalemba "msanga" m'malo mwa "msangamsanga", ndipo ndikuona kuti ndinafooketsa pempho. Koma "tasonkha, tasonkha, tasonkha" ndi mawu atatu osiyana, ndipo ndikuonabe kuti kamodzi n'kokwanira, popeza chiganizo chotsatira chikunena kale kuti ndalama sizikukwana.

Womasulira wopuma pa ntchito:
Aphunzitsi, tayerekezani malo awiri awa. Pa "kuti, kuti atithandize" atcheya anabwereza kaliwu kolumikizira pamene ankafuna mawu otsatira, ndipo palibe chimene chikutayika tikachotsa kumodzi. Pa "tasonkha, tasonkha, tasonkha" anabwereza mneni wathunthu, ndipo ndikukhulupirira kuti sanadodome pakati pake. Umu ndi mmene timanenera chinthu chimene chachitika mobwereza kapena kwa nthawi yaitali, monga timati "tinayenda, tinayenda, mpaka kunada". A bungwe amafuna kudziwa ngati mudzi unayesetsa pawokha usanapemphe, ndipo kuyesetsako kuli m'kubwerezaku. Sindikunena kuti mneniyo alembedwe katatu m'Chingerezi, chifukwa kumeneko zingaoneke zachibwana. Ndikunena kuti kubwerezako kusandutsidwe mawu, monga "tasonkha kangapo". Chimodzimodzi "kudikira, kudikira" kukhale "amadikira nthawi yaitali". Chenjezo langa n'lakuti pasalembedwe "katatu" chifukwa choti liwulo lamveka katatu.

Mlembi wa komiti ya mjigo:
Chenjezo limenelo landipeza, chifukwa ndinali nditalemba kale "katatu" pambali pa pepala. M'kaundula mukuoneka kuti chiwonongekereni mjigo tasonkha kawiri, kuwonjezera pa zosonkha za mwezi ndi mwezi. Kodi ndilembe "kawiri", popeza ndikudziwa?

Mphunzitsi wa Chichewa:
Ine ndingalembe kawiri. Ndi zoona, ndipo nambala imakhutiritsa kuposa "kangapo".

Womasulira wopuma pa ntchito:
Ine sindingalembe pokhapokha atcheya atavomera. Uthengawu ukupita m'dzina lawo, ndipo mwina iwo powerenga amaphatikiza zosonkha za mwezi ndi mwezi zija. Kupeta n'kuchotsa mankhusu, osati kuthiramo chimanga cha m'nkhokwe ina, ngakhale chili chabwino. Poti muwaimbira kale za Lachisanu, afunseninso zimenezi.

Mayi wokhala ku Johannesburg:
Nanga moni uja? Ine zimandipweteka kuona "mwadzuka bwanji" ndi "zikomo, zikomo" zikutayidwa ngati zinyalala. Munthu wamkulu sayamba nkhani asanapereke moni, ndipo uthenga wopanda moni umamuonetsa ngati wamwano.

Mphunzitsi wa Chichewa:
Moniwo anapatsidwa a Mlembi, osati a bungwe. N'chimodzimodzi ndi "muwauze anthu aja", amene ndi malangizo kwa a Mlembi ndipo sangapite mmene alili, chifukwa olandira uthenga angadabwe kutchedwa "anthu aja". Kalata ya Chingerezi ili ndi malonje akeake, ndipo amenewo ndi okwanira.

Mayi wokhala ku Johannesburg:
Pa "anthu aja" mukunena zoona, Aphunzitsi. Koma malonje a kalata ndi a wina aliyense, pamene kuthokoza kawiri kuja kunali kwa atcheya eniake. Ine ndikanalemba kuti akupereka moni ndipo akuthokoza kwambiri, kuti khalidwe lawo lifike kumene mawu awo sangafike. Pamenepa sindikusuntha.

Mlembi wa komiti ya mjigo:
Ndawaimbira atcheya ndipo ndawawerengera pepala lachiwiri. Ndalama ndi K15,000, ndipo asungichuma atsimikiza. "Abwera Lachisanu" linali funso lopita kwa a bungwe, ndipo eee uja akuti anali kudzivomera okha kuti Lachisanu ndi tsiku labwino, chifukwa amakaniko adzakhala ali m'dera lathu. Ndikanatsatira zimene tinalemba poyamba, a bungwe akanaganiza kuti nkhani yatha kale pakati pa ife ndi amakaniko. Pa zosonkha asankha kuti palembedwe "kangapo". Ndaikanso masiku a mwezi, poopa kuti uthenga ungawerengedwe sabata yamawa. Pepala lopetedwa tsopano likuti:

"Atcheya a komiti akupereka moni. Mjigo wa pasukulu unawonongeka Lolemba madzulo, pa 9 Juni. Amakaniko anabwera Lachiwiri, ndipo atatsegula ananena kuti mapaipi awiri kapena atatu ang'ambika, komanso kuti chipangizo china cha pansi chatha. Tasonkha kangapo koma ndalama sizikukwana, popeza tili ndi K15,000 yokha. Amayi akupita kudambo m'mamawa, amadikira nthawi yaitali, ndipo amabwerako masana. Tikupempha kuti mutithandize mwamsanga ndithu. Kodi mungabwere Lachisanu, pa 13 Juni? Zikomo kwambiri."

Chimene chatsala ndi ujeni wachiwiri uja. Woyamba atcheya anamumasula okha kuti ndi amakaniko, koma "uja wa pansi uja" akuti dzina lake analiiwala, ndipo foni ya amakaniko sikupezeka.

Wokonza mafoni:
Za mijigo ndimazidziwako pang'ono. Pansi pa mjigo wa mtundu wa Afridev pali kavalavu kamene kamaletsa madzi kubwerera m'chitsime, ndipo palinso timalabala timene timatha kawirikawiri. Ndikuganiza kuti ndi kavalavuko.

Womasulira wopuma pa ntchito:
N'kutheka kuti mwalasa, achimwene, koma inu nomwe mwatchula zinthu ziwiri, ndipo a bungwe akanyamula chimodzi pamene chatha ndi chinacho, ulendo wa Lachisanu udzapita pachabe. Ine ndingasiye "chipangizo china cha pansi" mmene a Mlembi alembera, n'kuwonjezera chiganizo chimodzi m'dzina lawo chonena kuti dzina la chipangizocho lidzatumizidwa amakaniko akapezeka.

Mphunzitsi wa Chichewa:
Ine ndikanadikira mpaka mawa kuti uthenga upite wathunthu kamodzi. Mauthenga awiri pa nkhani imodzi amasokoneza, ndipo wachiwiri sawerengedwa nthawi zambiri.

Mlembi wa komiti ya mjigo:
Ndamva mbali zonse ziwiri, koma lero ndi Lachitatu, ndipo ndikadikira mawa a bungwe adzatsala ndi tsiku limodzi lokha lokonzekera. Ndimasulira usiku uno ndi kutumiza pamodzi ndi chiganizo chimene bambo anena. Mwana wa atcheya wavomera kupalasa njinga m'mawa kupita kwa amakaniko, ndipo ndamuuza kuti akawapemphe alembe okha dzina la chipangizocho papepala, pamodzi ndi chiwerengero cha mapaipi ngati akuchikumbukira.